Foni ya adadi inkasunga ntchito mpaka madzulo

Chaka chimene ndinamaliza matric, kalasi yomaliza ya sekondale kuno, ndinakhala pa sofa mpaka sofayo inaloweza thupi langa. Anzanga ena anapita ku koleji, ena anapeza ntchito m'mashopu, ine ndinali kudikira mayankho. Ndi zimene ndinkauza aliyense wondifunsa kutchalitchi. Mayankho a chiyani, osandifunsa. Ndiye zonse zimene zinachitika m'nyumba mwathu miyezi imeneyo ndinaziona ndi maso angawa, poti kunalibe kwina koti maso angawa apite.

Timakhala zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ya eni ake, kufupi ndi Jacobs ku Durban kuno, kumene mphepo imanunkha sopo lero, mawa mphira, mkuja chinthu choti ngakhale asayansi sanachipezere dzina. Amami amagwira ntchito m'flat ku Musgrave, kwa banja lina lakwathu, mwamuna ndi mkazi onse madokotala. Adadi amayendetsa forklift, kagalimoto konyamulira katundu, m'ma warehouse. Koma si ntchito yoti uli ndi kapu yakoyako ya tiyi pa shelefu ayi. Ndi ya agency. Kampani ikasowa munthu, agency imaponya shifiti pa apu yawo, mafoni a anthu onse amene analembetsa amalira nthawi imodzi, ndipo woyamba kudina ndi amene wadya. Ukati ndiyambe ndapukuta m'manja, wina ku Umlazi wamanga kale zingwe za nsapato.

Foni yakale ya adadi inkatsegula apu imeneyi ngati ikukankha basi. Ndiye adokotala aakazi atagula foni yatsopano n'kupatsa amami iPhone yawo yakale, amami anangoidutsitsa kwa adadi. Ine ndinali pomwepo, manja anga awiri ali poyera, koma palibe anandiona. Mpaka lero bala limenelo silinapole.

Adadi anaidzaza ndi Malawi yense. Apu ya nkhani zakumudzi, ina ya nkhani zomwezo koma yolemba mokwiya, ya wailesi, ya mpira, ya vesi la tsiku m'Chichewa, ya nyimbo za m'buku. Iliyonse ikapempha chilolezo choti izitumiza mauthenga, adadi ankavomera, chifukwa iwo kukana mlendo sadziwa. Foniyo inkalira ngati khola la anapiye. Nduna ikatsokomola ku Lilongwe, ife kuno tamva. Amami ankati tsiku lina adzaiphika limodzi ndi nyemba.

Kenako sabata ina inangoti zii.

Tsiku lonse duu, ngati yamwalira. Koma ikakwana seveni koloko madzulo, tili pa tebulo, galasi linkayaka n'kubwera kabokosi kamodzi kokongola, mauthenga onse a tsikulo atasanjidwa m'katimo ngati zovala zosita. Adadi ankasamba m'manja, kukankhira mbale pambali, n'kunena kuti, "Nyuzipepala yanga yafika." Ankatiwerengera mokweza, mtengo wa feteleza, timu yawo imene inkagonja mokhulupirika, mvula yakumudzi, pomaliza vesi. Amami ankanamizira kuti sakumvera koma ankafunsa kuti, "Ati wamangidwa ndani?"

Ine ndinkadziwa kuti chinthuchi ndi Scheduled Summary. Umasankha maapu amene ukufuna kuti asamakusokoneze, umasankha nthawi, foni n'kumawasungira mauthenga awo mwakachetechete mpaka nthawiyo. Chimene sindinkadziwa n'choti adadi anga, munthu amene amalemba meseji ndi chala chimodzi lilime lili panja, anazipeza bwanji.

"Adadi, wakuikirani ndani zimenezi?"

"Ukuganiza kuti m'nyumba muno wophunzira ndiwe wekha?"

"Ndingoona nawo."

"Ona ndi maso. Manja akhale uko."

Limenelo ndiye linali lamulo. Foni ya adadi sinkagwiridwa. Inkagona m'thumba la malaya, kubafa inkapita nawo, ndipo ndikukhulupirira kuti nyumba ikanapsa akanayamba kutulutsa iyo, kenako amami, kenako n'kufunsa aneba ngati andionako.

Masabata oyamba zonse zinali sharp. Nkhani zinkadikira madzulo, koma shifiti ikatuluka foni inkalira pompo, pamwamba pa uthengawo patalembedwa timawu takuti Time Sensitive. Adadi ankadumpha ngati aponda moto, kudina, n'kuyamba kufunafuna chipewa. Ndinaziona ndekha kangapo ndili pa likulu langa la pa sofa.

Kenako mashifiti anasiya kubwera masana.

Ankabwera madzulo, m'nyuzipepala muja, pakati pa mpira ndi vesi. Adadi akadina, apu inkawauza kuti malo atengedwa kale. Tsiku loyamba anaseka. Lachiwiri anati anyamata a masiku ano ali ndi zala za akuba. Sabata itatha anasiya kuwerenga mokweza. Ankangoyang'ana, kudina, kuika foni chafufumimba, n'kupitiriza kudya mwakachetechete. Masana ankatsegula apuyo okha mwa apo ndi apo, koma shifiti ndi chinthu cha mphindi zochepa, ndiye ankapeza mbale yotsukatsuka.

Tinakhala anthu awiri osagwira ntchito m'nyumba ya zipinda ziwiri. Sofa yathu ndi ya munthu mmodzi ndi theka. Adadi anakonza chitseko chimene sichinawonongeke. Anasita makatani. Tsiku lina ndinawapeza akupukuta masamba a duwa la amami limodzilimodzi, ndipo duwalo ndi lapulasitiki.

Anapita ku ofesi ya agency atavala malaya a kutchalitchi. Anabwerako nkhope ili pansi.

"Akuti chiyani, bambo a kuno?" anafunsa amami.

"Akuti makina amatumiza kwa aliyense nthawi imodzi. Akuti ineyo ndi amene sindikuyankha, ndiye dzina langa likutsika pa mndandanda wawo. Kamtsikana kake kamsinkhu wa uyu, kakundiuza ine kuti sindiyankha."

"Ndiye?"

"Ndiye chiyani? Akudya okha masana, ine akunditumizira makombo madzulo. Aona pepala langa, aona kumene ndinabadwira, aona imvi. Sanena poyera anthu amenewa."

Ku Durban kuno nkhani ngati imeneyo suitsutsa msanga, chifukwa nthawi zina imakhala yoona.

Apa m'pamene analowerera amalume, achimwene awo a amami, amene amakhala ku Tongaat. Amalume ndi munthu amene akamayankhula pa foni, foniyo ndi yongokongoletsa, mawu amafika okha. Anati ku munda wa nzimbe kumene iwo amagwira kukufunika anthu nyengo yonse yodula, ndipo alamu awo akhoza kumagona kwawo, kumabwera kunyumba pakutha pa mwezi. Adzawatenga Lamlungu pa bakkie, pikapu yawo.

Mukayang'ana pa mapu, Tongaat si kutali. Koma adadi ali ndi msana umene umalira akamatola supuni. Ndipo chibadwire changa sindinagonepo m'nyumba imene mulibe mkonono wawo. Amami anangoti, "Chabwino," n'kupita kukatsuka mbale zimene ndinali nditatsuka kale ine. Anazitsuka mwaukali moti imodzi inapepuka.

Lachinayi madzulo nyuzipepala itafika, ndinaima kumbuyo kwa mpando wa adadi ngati ndikufuna mchere. Anatsegula kabokosi kaja. Uthenga wa shifiti unalipo, ndipo pakona pake, m'tizilembo tating'ono totuwa, panalembedwa kuti unafika maola asanu ndi anayi apitawo.

"Adadi, uthengawu si wa madzulo ano. Ndi wam'mawa."

"Wafika pompano. Waona wekha."

"Waonekera pompano. Kufika unafika kalekale, inu mukusita makatani. Taonani apa."

Adadi anaitalikitsa foni mpaka mkono unatha. Maso awo anayamba kale kufuna magalasi, koma iwo amati magalasi ndi a anthu okalamba ndi maloya.

"Palibe chalembedwa apa. Ndi fumbi."

"Fumbi lake lodziwa kuwerenga maola? Agency sikukubisirani ntchito, adadi. Ikukubisirani ndi foni yanuyi. Apu ya ntchito munaiika m'gulu la zodikira madzulo. Ndipatseni, ndizimitsa summary yonseyi, mphindi imodzi sikwana."

Ndinkayembekezera kuti anditcha mpulumutsi wa banja, mwina kundigulira nkhuku yanga ndekha. Koma anabweza foni m'thumba n'kumanga batani.

"Zimenezo sizizimitsidwa."

"Bambo a kuno, mwanayu akuti—"

"Ndamva zimene akunena. Ndinaziika dala. Ndipo ntchito inkabwera bwinobwino zili chomwecho, ndiye vuto si limenelo."

Apo ankanena zoona, masabata oyamba aja inkabweradi. Ndinagona ndikutukwana chamumtima. Munthu angasankhe kukadula nzimbe ndi msana wobwereka kusiyana n'kupatsa mwana wake foni mphindi imodzi? Ndinauza amami kuti tiibe ali m'tulo. Amami anati iwo anakwatiwa ndi munthuyo ine ndisanabadwe, ndipo akamanga batani la thumba ndiye kuti pali chimene chikumupweteka, si mwano. Anati ndiwasiye. Kenako anawonjezera kuti, "Koma Loweruka upite nawo ku town."

Loweruka linali tsiku lokagula majombo a kumunda. Tinakwera taxi, minibasi ya kuno, ine pawindo, adadi pakati, mbali inayo bambo wina wonenepa amene anatenga mpando wake ndi theka la wa adadi. Mu taxi ine ndi adadi sitiyankhula Chichewa. Palibe anandiuzapo lamulo limeneli, ndinangokula nalo, ngati mmene umadziwira kuti mbaula siigwiridwa. Tikangoponda chitsulo cha pakhomo, adadi amasanduka Mzulu wa mawu ochepa, ine ndimasanduka mwana wa ku Durban, zomwe ndili kale.

Adadi anatulutsa foni kuti aone nthawi. Nthawi yomweyo inanjenjemera, galasi lonse n'kuyaka ndi meseji ya amami: "Musaiwale mafuta opaka msana aja, ndipo mwanayo asakunyengeni kuti mumugulire zachabechabe."

Sindinaonepo dzanja la adadi likuthamanga chomwecho. Foni inagwa chafufumimba pa ntchafu, chikhatho pamwamba, ngati akupha mphemvu. Anayang'ana kutsogolo, khosi litauma. Bambo wonenepa uja sanaone n'komwe, anali kalikiliki ndi chipisi chake. Koma adadi sanachotse dzanja mpaka tinatsika, ndipo thukuta linali litatsikira m'kolala.

Ine pakamwa panga sipatseka, aphunzitsi onse a kusukulu kwathu angachitire umboni. Koma ulendo umenewo ndinafika ku town osanena kanthu.

Majombo tinagula. Mafuta a msana tinagula. Kenako adadi anati tidye bunny chow, buledi woboola pakati wothiramo curry, zomwe sizichitika pokhapokha wina wabadwa kapena wamwalira. Tinakhala pa tebulo la pakona m'kashopu kena, pafupi ndi firiji yaphokoso, pamene munthu ungayankhule chilankhulo chilichonse osamveka.

"Wandiona," anatero adadi.

"Ndaona mukumenya foni yosalakwa."

Anaseka pang'ono, n'kunyema buledi. Kenako anandiuza. Tsiku lina m'mawa akupita ku shifiti, foni ili m'manja, vesi la tsiku linatulukira pa galasi. Mnyamata amene anakhala pambali pawo anaweramira n'kuyamba kuliwerenga mokweza, mopotoza, kuti taxi yonse imve. Atamaliza anafunsa kuti, "Ulimi lwakuphi lolu, baba?" Chilankhulo cha kuti chimenechi. Wina kumbuyo anati n'chifukwa chake ntchito kulibe. Wina anaseka. Mayi wina anati amusiye mkuluyo. Zinathera pomwepo, palibe anawagwira. Koma kuchokera pamenepo mpaka ku Jacobs taxi inali chete, ndipo adadi anatsika malo olakwika dala, n'kuyenda wapansi kuti asaonedwe geti limene akulowa.

"Zaka zonsezi ndimatseka pakamwa bwinobwino," anatero. "Ndiye foni izikandiyankhulira?"

Lamlungu lake anafunsa mnyamata wina wa kukwaya, wa ku Zambia, amene amaphunzira za makompyuta. Sanamuuze chifukwa, anangoti foni ikusokosa. Mnyamatayo anawaikira summary, nthawi imodzi yokha pa tsiku, madzulo ali kunyumba, ndipo adadi anamuuza kuti aikemo maapu onse, asasiye ngakhale imodzi. Anawatsimikizira kuti zofulumira zizidutsabe.

"Bwanji simunangochotsa maapuwo?"

Anandiyang'ana ngati ndanena kuti tigulitse amami.

"Ndichotse kwathu?"

"Nanga bwanji simunatiuze?"

"Kuti amayi ako azidera nkhawa m'mawa uliwonse? Kuti iwe uzindiona ngati munthu woopa ana a mu taxi?"

Ndinafuna kunena kuti ine ndimawaona ngati munthu wopukuta maluwa apulasitiki, zomwe n'zoipa kuposa. M'malo mwake ndinamwa madzi.

"Adadi, summary yanu sindiigwira. Vesi lizibwera madzulo, nduna zizitsokomola madzulo. Ndikufuna ndione apu imodzi yokha. Foni muigwire ndinu, ine ndizingoloza."

Anaganiza nthawi yaitali moti bunny inayamba kuzizira. Kenako anapukuta zala chimodzichimodzi, kumasula batani, n'kuika foni pakati pa tebulo. Ndinamva ngati andipatsa makiyi a Reserve, banki yaikulu ya dziko lonse, koma ndinaugwira mtima.

Ndinawalozera ku Settings, ku Notifications, mpaka pa apu ya agency. Inali m'gulu la summary, monga ndinanenera. Koma pamenepo pali kagawo kena ka zimene ziyenera kufika pompo ngakhale apuyo ili m'gulu lodikira, ndipo kabatani ka Time Sensitive kanali kotuwa. Kozimitsa.

"Aka kanali kobiriwira kale," ndinatero. "N'chifukwa chake ntchito inkadutsa. Amene anapanga apuyi amaika chizindikiro pa mauthenga a shifiti kuti awa ndi a changu, ndiye foni imawalola kudumpha mzere. Kakazima aka, foni imawatenga ngati nkhani za mpira. Anakazimitsa ndani?"

"Ine sindinafikeko kuno chibadwire."

"Foni sinakufunsenipo funso? Nthawi zina pansi pa uthenga wotere imafunsa ngati mukufuna kuti azipitiriza kubwera mwachangu. Pamakhala mayankho awiri, Leave On ndi Turn Off."

Adadi anasiya kutafuna.

Zinatuluka pang'onopang'ono, ngati munga. Tsiku lina ali mu taxi pobwera kuntchito, foni inayaka m'manja. Anaganiza kuti Chichewa chayambanso. Sanawerenge kuti ndi uthenga wa chiyani. Anangoona mawu akuti Off, n'kuganiza kuti ndi pozimitsira galasi, n'kudina msangamsanga munthu wa pambali asanatembenuke.

"Ndiye kuti uthenga umenewo unali wa Chingerezi," ndinatero. "Wa ntchito. Munabisa Chingerezi, adadi. Mu Durban."

"Iwe."

"Munadzichotsa ntchito nokha ndi chala chimodzi. Kamtsikana ka ku ofesi kaja mukakapepese, mukagulire ndi chokoleti."

"Ukapitiriza ubwerera wapansi."

Koma mapewa awo anali akugwedezeka. Anaseka mpaka anapukuta m'maso ndi kansalu kopukutira curry, zomwe zinabweretsa misozi ina yeniyeni, ndipo mayi wogulitsa anabwera kudzafunsa ngati tsabola wachuluka.

Kabataniko anakayatsa okha, ndi chala chawo chomwe chija. Ndinawafunsa ngati akufuna kuti apuyo ichokeretu m'gulu lodikira, kuti chilichonse chimene yatumiza chizifika pompo. Anakana. Anati apuyo imatumizanso zopusa zambiri, zoti tipatseni nyenyezi zisanu, zoti itanani mnzanu, zimenezo zizidikira madzulo pamodzi ndi andale.

"Nanga amayi ako adutsa bwanji muja? Apu yawo inalowanso m'gulu."

"Meseji yochokera kwa munthu imadutsa. Ili ndi kabatani kakekake. Ndikazimitse, azidikira madzulo nawonso?"

"Amayi ako adikire? Ukufuna ndife?"

Ndiye tinangosintha kuti meseji ikafika pazioneka dzina lokha, mawu ake azibisika mpaka atsegule. Dzina la amami m'foni ya adadi ndi la Chizulu kale, loti mayi wa pakhomo. Ndinaliona tsiku limenelo koyamba, ndi kamtima kofiira pambali pake. Ndinalonjeza kuti sindidzauza munthu, ndipo ndinasungadi chinsinsicho mpaka tinafika kunyumba.

Tsono musaganize kuti foni inalira pomwepo, angelo n'kuimba. Inangoti duu. Loweruka lonse duu. Tinaiika pa tebulo, atatu tonse kuizungulira ngati odwala matenda amodzi. Amami atamva nkhani yonse, ya vesi ndi ya taxi yomwe, anangopita kukaima kumbuyo kwa adadi n'kuwakonza kolala imene inali yokonzakonza. Kenako anati, "Chikwama ndilongedze kapena ndisalongedze?"

"Longedzani," anatero adadi. "Dzina langa linatsika. Mwina sadzanditumiziranso. Alamu ndawalonjeza."

Lamlungu tinapita kutchalitchi chikwama chili pakhomo. Ine ndinapemphera kuposa chaka chonse cha matric, ndipo pemphero lake linali la apu. Sindikudziwa ngati kumwamba kuli dipatimenti yake.

Amalume anafika masana, bakkie yawo ikumveka ikadali ku Tongaat. Anadya mpunga ndi nkhuku ngati abwera kudzalanda, uku akufotokoza ubwino wa nzimbe. Mpweya wabwino, alamu. Thupi limalimba, alamu. Njoka zake n'zaulemu, zimayamba zakuchenjeza. Amami ankangowonjezera mpunga m'mbale ya adadi, wina pamwamba pa wina, ngati akuwapakira wa mwezi wonse.

"Nanga iwe," amalume anatembenukira kwa ine, "mayankho aja afika?"

"Ali m'njira, amalume."

"Akuyenda wapansi?"

Ndinali ndikukonza yankho loti likanalowa m'mbiri ya banja lathu, pamene thumba la malaya a adadi linalira.

Aliyense anaima. Adadi analimbana ndi batani, ndipo kwa nthawi yoyamba batanilo linakana. Amami anawamenya dzanja n'kulimasula okha. Pa galasi panali uthenga umodzi, timawu tija tili pamwamba pake. Adadi anaitalikitsa foni, kuibweza, kuitalikitsanso.

"Werenga iwe."

"Mawa m'mawa. Cold storage, ku Jacobs konkuno. Tsiku limodzi."

Cold storage ndi shifiti imene aliyense amaithawa. Umayendetsa forklift m'firiji yaikulu ngati tchalitchi, pakati pa mabokosi a nsomba, mpaka nsidze zimachita chisanu. Mwina n'chifukwa chake inafika mpaka kwa munthu amene dzina lake linali pansi.

"Tsiku limodzi," anatero amalume, fupa lili m'manja. "Ine ndikukupatsani nyengo yonse, alamu. Tsiku limodzi mudyapo chiyani?"

Sankanama amalume. Adadi anayang'ana chikwama pakhomo, anayang'ana amami. Amami anayang'ana mpunga. Ine ndinkayang'ana foni, chifukwa ndinkadziwa kuti kwinakwake ku Umlazi munthu wina akupukuta m'manja.

"Adadi, anzanu sakudikira kuti mumalize kuganiza."

Anadina. Anadinanso, ndi kudinanso, mpaka ndinawagwira dzanja kuti angaboole galasi. Apu inazungulira kaye kakamphindi, kenako inalemba kuti shifiti ndi yawo.

"Alamu, mundikhululukire," anatero. "Ndipatseni sabata imodzi. Zikakanika ndikwera taxi ndekha, simudzavutikanso ndi petulo."

Amalume anapukusa mutu, anati anthu a m'tauni ndi ovuta kuwathandiza, foni ikangolira amaiwala abale. Anati malowo sangawasungire mpaka kalekale. Kenako anapempha chotsala cha nkhuku kuti akadyere kunyumba, ndipo amami anawapakira mosangalala moti anawonjezera ndi mbale yomwe, yabwino ija ya alendo.

Sabata imeneyo adadi anapeza mashifiti atatu, awiri a m'firiji. Yotsatira anapeza ochulukirapo. Ku Tongaat sanapite, ngakhale chikwama chinakhala pakhomo masiku angapo chisanamasulidwe, poti amami ankati tisachite matama.

Lolemba loyamba lija adadi anabwera madzulo milomo itachita buluu, akununkha ngati doko lonse lawatsatira. Amphaka a mumsewu wathu anawaperekeza mpaka pa geti. Amami anawaimitsa pakhomo.

"M'nyumba mwanga simulowa choncho. Vulani jekete panja pomwepo."

"Mayi, ndazizidwa tsiku lonse."

"Mukanapita ku nzimbe mukanafunda. Vulani."

Anavula, akung'ung'udza, ine ndikuwathira madzi otentha m'beseni. Amami anatenga jeketeyo ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa n'kukaiponya m'ndowa kuseri. Ndinawamva akuimba kumeneko, nyimbo ya kwaya, mokweza, m'Chichewa, mpaka aneba anatsegula windo.